Kafotokozedwe ka dizayini ya chitenje kuti msoko usamaoneke

Mayi wapampando wa gulu lina la banki m'khonde ku Chinamwali anabwera kukashopu kanga kufupi ndi msika wa Zomba atanyamula chitenje cha java chakalekale, chabuluu woderako, chomwe anati chinali cha malemu amayi awo. Anachiyala pathebulo nati, "Achimwene, tikufuna chathuchathu cha gulu. Pakhale lichero, pakhale matemba a ku Chilwa, dzina la gulu liwoneke. Zibwerezedwe basi ngati javayu." Ndinawayankha kuti, "Amayi, ndamva, koma khalani kaye pansi tiyeze."

Mawu akuti "zibwerezedwe basi" ndi amene amawononga nsalu zambiri zamagulu. Ine ndinapsa nawo kale. Ndinatumiza uthenga wotere kwa wojambula pakompyuta, iye nkujambula duwa lokongola pakati pa bokosi, nkulidinda mobwerezabwereza. Nsalu itabwera, maluwawo anali m'timabokosi ngati mawindo a sukulu, ndipo pakati pa bokosi ndi bokosi panali kamzere koyera kooneka ngakhale munthu ali patali. Wojambulayo sanalakwe, anachita zimene ndinalemba. Kuyambira pamenepo ndimalemba malangizo papepala, ndipo m'malangizomo gawo lalikulu limanena za m'mphepete mwa chojambula, osati za pakati pake. Pakati aliyense amakongoletsa. Chimene chimavuta ndi pamene chojambula chikukumana ndi chinzake.

Tigwirizane mawu awiri. Kachigawo kamodzi kamene kamabwerezedwa nsalu yonse ndimakatcha chidindo. Pamene chidindo chakumana ndi chinzake ndimapatcha msoko. Dizayini yabwino ndi imene munthu sangaloze ndi chala kuti msoko uli apa.

Choyamba: funsani wodinda musanajambule kanthu

Miyeso ya chidindo siyichokera m'mutu mwanu, imachokera ku makina. Mafakitale ambiri amadinda nsalu ndi sikirini yozungulira ngati mgolo, ndipo yofala kwambiri imazungulira masentimita 64. Mgolowo ukazungulira kamodzi, wadinda masentimita 64 a nsalu nkuyambiranso pomwe unayambira. Choncho m'litali mwa nsalu, chidindo chanu chiyenera kulowa mu 64 popanda chotsala: 32, 16 kapena 8. Mukalemba kuti chidindo chikhale masentimita 30, awiri akwana 60, kutsala 4. Wodinda adzachita chimodzi mwa ziwiri, kukoka chojambula chanu kuti chikwane, lichero lozungulira nkusanduka dzira, kapena kukubwezerani kuti mukonzenso.

Muwafunse zinthu zitatu: sikirini yawo imazungulira masentimita angati, nsalu yawo amadinda masentimita angati m'lifupi, ndipo amalola mitundu ingati. Kwa amayi a ku Chinamwali aja tinagwiritsa 64 m'litali ndi 112 m'lifupi. Anu akhoza kukuuzani zina, inu mutsate zawo.

Chachiwiri: nenani kumene kuli kumwamba

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ngakhale odziwa kompyuta bwino. Nsalu imatuluka m'makina motalika ngati msewu. Koma mayi akavala chitenje, litali la nsalu ndi limene limazungulira m'chiuno, ndipo lifupi ndi limene limatsika kuchokera m'chiuno kufika ku akakolo. Wojambula amene sanauzidwe akhoza kuimika zinthu motsata litali, nsalu ikavalidwa mitengo nkugona chammbali, dzina la gulu nkumawerengedwa munthu atapendeketsa khosi.

Mulembe mosabisa kuti: kumwamba kwa chojambula ndi kumphepete imodzi ya nsalu, kunsi ndi kumphepete inayo, monga chitenje chimaonekera chikavalidwa. Kuchokera apa, ndikamati kumanja ndi kumanzere ndikunena litali la nsalu, ndikamati kumwamba ndi kunsi ndikunena lifupi.

Tinayeza chonchi. Pa masentimita 112 aja tinachotsa mkombero wa masentimita 8 kumwamba ndi wina wa 8 kunsi, pakati nkutsala 96. Nambala 96 ndi yabwino chifukwa imagawika ndi 24 kanayi ndendende. Msinkhu wa chidindo unakhala 24.

Chachitatu: sankhani kayalidwe, ndipo mukatchule

Pali njira zingapo zoyalira chidindo, ndipo wojambula sangalote imene mukufuna.

Yosavuta ndi kuyala molunjika, ngati matailosi a pansi, chidindo pambali pa chinzake, mizere yoongoka uku ndi uku. Imayenera zinthu zing'onozing'ono kapena mabokosi ochita kufuna. Koma ndi chinthu chachikulu ngati lichero, maso amaona msanga mizere ya asilikali pa perete.

Ina ndi ya njerwa. Mmisiri womanga sayika njerwa pamwamba penipeni pa inzake, amaisuntha theka. Mzere uliwonse wogona umasunthidwa theka kupita kumanja.

Yachitatu, imene ine ndimaikonda pa zitenje, ndi yotsika theka. Ili ngati ya njerwa koma yoimirira: mzere woimirira woyamba uli pamalo pake, wachiwiri watsika theka la msinkhu wa chidindo, wachitatu wabwerera pomwe pali woyamba. Maso amayenda mopingasa, saona bokosi. Palinso ya galasi, yotembenuza chidindo kuti chiyang'anane ndi chinzake. Imeneyi msoko wake umalumikizana wokha, nchifukwa chake ofulumira amaithamangira, koma imabala zinthu zooneka ngati nkhope kapena agulugufe pamene simunafune, ndipo ngati pali malemba amatembenuzika. Pa nsalu yokhala ndi dzina, muisiye.

Tinasankha yotsika theka. Mzere uliwonse woimirira ndi wa masentimita 16 m'lifupi mwake, malichero atalikirana masentimita 24 kuchokera pakati pa lina kufika pakati pa linzake, ndipo mzere woyandikana nawo watsika masentimita 12. Tsono mvetsetsani apa. Popeza mzere wachiwiri ndi wosiyana ndi woyamba, chidindo chenicheni chimene chimabwerezedwa molunjika ndi mizere iwiriyo pamodzi: masentimita 32 kupita kumbali, 24 kupita kunsi. Ndipo 32 amalowa mu 64 kawiri. Mizere yoimirira pa mgolo wonse ikhala 4.

Nambala ya mizereyi iyenera kugawika ndi 2. Wina akhoza kunena kuti tiyeni tichepetse mizere ikhale ya masentimita 12.8, poti nayonso imalowa mu 64 kasanu. Masamu akuvomera, koma nsalu ikana. Mzere woyamba wokwera, wachiwiri wotsika, wachitatu wokwera, wachinayi wotsika, wachisanu wokwera, kenako mgolo wazungulira, woyamba uja wabweranso, wokwera. Malichero awiri adzaima phewa ndi phewa pa masentimita 64 aliwonse, nsalu yonse, ndipo palibe telala angabise zimenezo.

Chachinayi: ikani chinthu chilichonse pamalo ake ndi tepi

Tsopano tengani pepala la A3, lomwe ndi masentimita 29.7 ndi 42, mujambulepo bokosi la 32 ndi 24. Musade nkhawa ngati simutha kujambula, mizere yozungulira ndi timitanda zikwanira. Chofunika ndi malo.

Lichero lathu linali la masentimita 12 kuchokera mbali ina kufika ina. Loyamba pakati pake tinapaika masentimita 8 kuchokera kumanzere ndi 12 kuchokera kumwamba. Limeneli lili lathunthu m'bokosi. Lachiwiri pakati pake pali masentimita 24 kuchokera kumanzere, koma poti latsika theka, lagwera pamzere penipeni wa bokosi: theka lake lakunsi likuoneka kumwamba kwa bokosi, theka lake lakumwamba likuoneka kunsi kwa bokosi. Zikadindidwa, matheka awiriwo amakumana nkupanga lichero limodzi.

Mayi wapampando ataona zimenezi anadandaula. "Achimwene, lichero langa mwaliduliranji pakati?" Ndinapinda pepalalo ngati mpukutu, kumwamba nkukumana ndi kunsi, iwo nkuona lichero lathunthu. Anaseka nati, "Ooh, kani likudikira mnzake."

Chinthu chodutsa pamsoko chotere si vuto, ndi mankhwala. Ngati zonse zakhala mwaulemu mkati mwa bokosi, palibe chokhudza mphepete, ndiye kuti kuzungulira chidindo chilichonse kwatsala malo opanda kanthu. Malowo akalumikizana amapanga tinjira toongoka todutsa nsalu yonse, ngati mipita ya pakati pa mabedi a dimba. Zija za mawindo a sukulu zinabwera chonchi. Choncho m'malangizo mulembe kuti pa mbali iliyonse mwa zinayi pakhale chinthu chimodzi kapena ziwiri zodutsa.

Yezaninso mipata. Kuchokera pakati pa lichero loyamba kufika pakati pa lachiwiri, mopingasa, pali masentimita 20. Mukachotsa 6 uku ndi 6 uku, mpata ndi 8. Pakati pa malichero a mzere umodzi, lapamwamba ndi lapansi, mpata ndi 12. Mipata imeneyi ndiyo malo a matemba ndi mafunde. Mukakulitsa lichero kufika 16, mpata wopingasa utsala 4 basi ndipo nsomba zisowa popuma.

Chachisanu: mzere wodutsa muufotokoze katatu

Amayiwo anafuna madzi aoneke, poti matemba sakhala pamtunda. Tinaika mzere umodzi wokhotakhota ngati funde, woyenda pakati pa malichero kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mizere yotere, kaya ndi funde, chingwe, mtsitsi wa maungu kapena unyolo, ndiyo imaulula msoko msanga kuposa china chilichonse, chifukwa diso limautsata ngati njira, ndipo likapunthwa limadziwa.

Pa mzere uliwonse wotuluka m'bokosi munene zinthu zitatu. Malo: ukutulukira pati. Kunenepa: ndi wonenepa bwanji pamenepo. Kolowera: ukukwera kapena ukutsika pamene ukutuluka. Anthu ambiri amakumbukira choyamba chokha. Mzere umakumanadi ndi unzake, koma wina ukubwera chokwera, wina ukuchoka chotsika, pamsoko nkukhala kachigongono. Kachigongono kamodzi sikaoneka, koma kakabwera pa masentimita 32 aliwonse, pamzere umodzi woongoka kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi, kamaoneka.

Lathu tinalemba chonchi. Funde likulowa kumanzere pa masentimita 18 kuchokera kumwamba, likutsika. Lifika pansi pake penipeni pa masentimita 22, kunsi kwa lichero loyamba. Likwera mpaka pa 14, pamwamba pa theka la lichero lachiwiri limene lili kunsi kwa bokosi. Kenako likutsikanso nkutuluka kumanja pa 18, likutsika ndi mapendekedwe omwewo amene linalowa nawo. Kunenepa kwake ndi sentimita imodzi paliponse. Dala sitinalole fundelo kukhudza mzere wakunsi wa bokosi, kuti likhale ndi misoko iwiri yokha yosamala, osati inayi.

Matemba tinaika 6 m'chidindo, lililonse masentimita 5, ndipo tinalemba kuti ayang'ane mbali zosiyanasiyana, ena kumwamba, ena kunsi, ena chammbali. Izi zili ndi phindu pawiri. Nsomba zonse zikaloza kumodzi zimapanga mizere imene simunaifune. Komanso ndikunena ngati telala: nsalu yopanda kumwamba ndi kunsi imadulika bwino, zidutswa za manja ndi kolala mumazitembenuza momwe mungafunire, nsalu siwonongeka yambiri. Limodzi mwa matembawo tinaliika dala pamsoko wa kumanja, mutu mbali ino, mchira nkutulukira kumanzere.

Pamene chidindo chikumana ndi mkombero

Kayalidwe kotsika theka kali ndi ngongole yake, ndipo imalipidwa kumkombero. M'mizere yokwera, malichero 4 athunthu amakwana bwinobwino pa masentimita 96. M'mizere yotsika, athunthu ndi 3, ndipo kumwamba ndi kunsi kumatsala matheka odulidwa ndi mkombero. Mukapanda kunena kanthu, wojambula adzawasiya odukawo. Ena amakonda choncho, ngati lichero likulowa kuseri kwa mkombero monga dzuwa kuseri kwa phiri. Amayi a ku Chinamwali anakana, anati lichero loduka silipeta. Tinalemba kuti mathekawo achotsedwe, m'malo mwake mukhale matemba atatu ounjikana.

Zikatero, chimene chimapita kwa wodinda si kabokosi ka 32 ndi 24 kaja, koma mpande wathunthu wa masentimita 32 m'litali ndi 112 m'lifupi, wokhala ndi mikombero yake. Mpandewu umangofunika kulumikizana kumanja ndi kumanzere. Mkombero nawo uli ndi chidindo chake, ndipo chiyenera kulowa mu 32. Ife tinaika timakona ta masentimita 4, ngati maluko a lichero, 8 pa mpande uliwonse. Dzina la gulu tinaliika kamodzi pa masentimita 32 aliwonse, mumkombero wakunsi, chifukwa wakumwamba umapindidwa m'chiuno. Dzina lisadutse pamsoko. Zina zonse zikhoza kudutsa, koma chilembo chikasemphana pang'ono pokha aliyense wodziwa kuwerenga amaona.

Musayembekezere kuti chitenje chilichonse chidzadulidwa pamalo ofanana. Mamita awiri ndi masentimita 200, ndipo 32 salowamo ndendende, amalowa kasanu ndi kamodzi nkutsala 8. Lumo lidzagwera pena pa lichero, pena pa nsomba. Dizayini yobwerezabwereza imapirira zimenezi. Imene siipirira ndi ija yokhala ndi chithunzi chimodzi chachikulu pakati pa chitenje, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yokambirana ndi wodinda payokha.

Chachisanu ndi chimodzi: nenani chimene mukutanthauza mukati "ngati java"

Dzinali silinangobwera. Luso lotchinga nsalu ndi phula isananyikidwe mu utoto ndi la batiki wa pachilumba cha Java ku Indonesia, ndipo Adatchi ndi amene analisandutsa la makina nkumagulitsa nsaluzo ku Africa. Pa waksi weniweni, makina amadinda phula kapena utomoni mbali zonse ziwiri za nsalu, nsalu nkunyikidwa mu utoto, kawirikawiri wabuluu woderako. Phulalo limasweka, utoto nkulowa m'ming'alu, ndipo pena limatsalira timadontho. Mitundu ina imawonjezedwa pambuyo, nchifukwa chake nthawi zina imatulukira pang'ono kunja kwa mzere. Zambiri zimene timagula pamsika ndiponso zimene magulu amadinditsa ndi zotsanzira maonekedwe amenewa, zodindidwa mbali imodzi. Tembenuzani chitenje muone: ngati kuseri kwake kuli kotuwa, ndi chotsanzira.

Kusiyanaku kuli ndi ntchito pa nkhani yathu. Pa waksi weniweni ming'alu imabwera mwangozi, siibwereza. Pa chotsanzira, ming'alu ndi yojambula, ili m'chidindo, ndipo ibwerezedwa pamodzi ndi zina zonse. Choncho nayonso iyenera kulumikizana pamsoko, ndipo pasakhale mng'alu umodzi wodziwika, kapena dontho lalikulu kuposa anzake. Dontho lotero limasanduka ngati chipsera pankhope: mukaliona kamodzi, muliona paliponse. Mulembe kuti ming'alu ikhale yopyapyala, yofanana kuchuluka paliponse, idutse mbali zonse zinayi.

Za mitundu, itchuleni ndi kuiwerenga, chifukwa mtundu uliwonse umafuna sikirini yakeyake ndipo mtengo umakwera nawo. Ife tinatenga itatu pa nsalu yoyera: buluu woderako wa mizere ndi ming'alu, chikasu cha lichero, ndi kufiira kwa njerwa yootcha kwa pansi ponse. Matemba anatsala oyera. Kutchula mtundu ndi pakamwa sikukwanira, buluu wa ine si buluu wa inu. Dulani kansanza ka mtundu umene mukufuna mukamate papepala la malangizo.

Mulembenso mawu awa: mitundu yonse ikhale yosalala, yopanda mthunzi, yopanda kuwala mbali imodzi. Wojambula wozolowera mapositala amakonda kudetsa m'mphepete nkuwalitsa pakati kuti chithunzi chioneke chamoyo. Pa positala nzabwino. Pa nsalu, chidindo chilichonse chidzaoneka ngati bokosi lakelake ngakhale mizere yonse italumikizana bwino. Vuto lomweli limabwera mukajambula pepala ndi foni nkutumiza: mbali ya kuwindo imawala, inayo imada. Pitani nalo pepalalo kumene amachita fotokope m'tauni akalisikane.

Chomaliza pa mitundu: mizere yabuluu ikhale yonenepa, mamilimita 2 kapena 3, ndipo chikasu ndi kufiira zilowe pang'ono pansi pa mzerewo. Nsalu imasuntha pang'ono pakati pa sikirini ndi sikirini. Mitundu ikangogundana mphepete ndi mphepete popanda kulowana, pamatseguka kamzere koyera. Mzere wonenepa wa java uja umabisa zimenezi, ndiye musaupyapyalitse pofuna kuti zioneke zamakono. Kuchuluka kwa kulowanako mumufunse wodinda.

Malangizo athunthu monga tinawalembera

Pepala limene ndinapatsa mnyamata wojambula ku Matawale linali ndi mawu awa, pamodzi ndi chojambula changa cha pensulo ndi tinsanza titatu:

"Nsalu yodindidwa masentimita 112 m'lifupi, sikirini ya 64. Kumwamba kwa chojambula ndi kumphepete ya nsalu, monga chitenje chivalidwira. Mkombero wa 8 kumwamba ndi kunsi, pakati 96. Chidindo 32 kumbali, 24 kunsi, kayalidwe kotsika theka, mizere ya 16, kutsika 12. Lichero la 12, loyamba pa 8 kuchokera kumanzere ndi 12 kuchokera kumwamba, lachiwiri pa 24 kuchokera kumanzere, lodutsa msoko wa kumwamba ndi kunsi. Funde limodzi lonenepa sentimita imodzi, lolowa ndi kutuluka pa 18, lotsika mbali zonse ziwiri, losapitirira 14 ndi 22. Matemba 6 a masentimita 5, oyang'ana kosiyanasiyana, limodzi lodutsa msoko wa kumanja. Matheka a malichero a kumkombero achotsedwe, mukhale matemba atatu. Dzina kamodzi pa 32, mkombero wakunsi, lisakhudze msoko. Mitundu itatu yosalala pa nsalu yoyera, yopanda mthunzi. Mizere yabuluu mamilimita 3. Ming'alu yopyapyala, yofanana paliponse, yolumikizana mbali zonse. Pasakhale mzere wozungulira chidindo, pasakhale malo oyera m'mphepete mwa fayilo."

Chiganizo chomalizacho musachiiwale. Kamzere koyera kaja nthawi zambiri kamachokera ku fayilo yosungidwa ndi mpata wochepa m'mbali, woti pakompyuta suoneka.

Mnyamatayo ndinamuuzanso chinthu chimodzi cha manambala. Masentimita 32 pa 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse, amapereka mapikiselo 3779 ndi kachidutswa, ndipo kachidutswako kompyuta imakadzaza ndi mtundu wotuwa pamphepete. Akaika 254 dpi, sentimita iliyonse imakhala mapikiselo 100 ndendende, chidindo nkukhala 3200 ndi 2400, theka lake 1600 ndi 1200, popanda chotsala. Ngati wodinda akufuna nambala ina, atsate imeneyo, koma aonetsetse kuti mapikiselo ndi athunthu ndiponso ogawika ndi 2.

Kuyesa musanalipire

Musavomereze dizayini poona chidindo chimodzi, ngakhale chikongole bwanji. Muyese kawiri.

Kuyesa koyamba ndi kobweretsa msoko pakati. Papepala, dulani chidindo pakati kuchokera kumwamba kufika kunsi, musinthanitse zidutswazo, cha kumanja chipite kumanzere, mumate ndi selotepi kuseri. Dulaninso chopingasa, chakumwamba chipite kunsi, mumatenso. Zimene zinali mphepete tsopano zakumana pakati ngati mtanda, ndipo cholakwika chilichonse chili poyera. Njira yomweyi ndi yabwinonso pojambula kuchokera pachiyambi: jambulani pakati pa pepala osakhudza mphepete, dulani, sinthanitsani, kenako dzazani malo opanda kanthu amene aoneka pakati. Dulani ndi rula ndi leza, osati ndi sizasi, chifukwa kudula kokhota kumabweretsa msoko wakewake.

Pakompyuta ndi zomwezo. Mu pulogalamu ya GIMP ndi `Layer > Transform > Offset`, nkusankha `Wrap around`. Mu Photoshop ndi `Filter > Other > Offset`, nkusankha `Wrap Around`. Wojambula alembe 1600 ndi 1200, kenako akulitse chithunzi kwambiri nkutsata mtanda wapakatiwo kuchokera kumapeto kufika kumapeto, inu muli pomwepo.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa maso akutali, ndipo kumagwira zimene koyamba sikungagwire. Chitani fotokope zidindo 9, muziyale zitatu zitatu pansi, pakhonde kapena pabwalo pamene pali kuwala, muime mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kutali, mutsinzine pang'ono. Pa GIMP wojambula akhoza kuziyala ndi `Filters > Map > Tile`, koma ine ndimakondabe pepala pansi, pa msinkhu wake weniweni. Mukuyang'ana zinthu zitatu: njira yopanda kanthu yoongoka, mzere wakuda wopangidwa ndi zinthu zounjikana, ndi chinthu chimodzi chimene diso likungobwererako.

Zathu zinagwidwa pamenepa. Msoko unali bwino, funde linkayenda osapunthwa. Koma titayala mapepala pakhonde, mayi msungichuma wa gululo anaima chapatali nati, "Koma abale, nsomba izi zafola ngati zikudikira chigayo." Zinalidi choncho. Matemba awiri, limodzi kumwamba kwa chidindo, lina kunsi, onse anaima chilili pa masentimita 16 kuchokera kumanzere, ndipo atabwerezedwa anapanga mzere umodzi woyera wotsika nsalu yonse. M'chidindo chimodzi palibe akanaona. Mnyamata uja anasuntha limodzi masentimita 2 kupita kumanja nkulipendeketsa, tinachitanso fotokope, mzere uja unasowa.

Ngati mukudinda pamanja, ndi sikirini yafulati pathebulo monga amachitira ena kuno ku Zomba, nambala 64 siikukhudzani, chidindo chimatsata kukula kwa felemu yanu. Koma msoko wanu ndi wovuta kuposa wa makina, chifukwa dzanja silibwerera pamalo amodzimodzi ndendende. Pamenepo mulembe kuti mphepete ya chidindo isakhale yoongoka, izikhota motsata mzere wa lichero ndi nsomba, kuti kusemphana kwa milimita imodzi kubisale pansi pa mzere wabuluu. Pewaninso mtundu umodzi wodzaza pansi ponse ngati kufiira kwathu kuja, chifukwa pamene zidindo ziwiri zalowana utoto umakhala kawiri nkuda. Ndi bwino kugula nsalu yonyikidwa kale mu mtundu umenewo nkudindapo mitundu yoderapo.

Wodinda akalandira fayilo, mupempheni adinde kachidutswa koyesera kosachepera mita imodzi ndi theka, kuti muone pamene mgolo wazungulira nkuyambiranso, kawiri. Kachidutswako mukachape, mukayanike, mukasite, kenako mayi mmodzi akavale nkuyenda nako pabwalo anzake akuyang'ana kuchokera kutali, musanalole kuti adinde mpukutu wonse.